Miyezi isanu ndikusala anyezi ndi nyemba: kodi kadyedwe ka FODMAP kamatha liti?

Nachisale: Moni nonse. Ndimakhala ku Leicester kuno ku Britain, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikuvutika ndi mimba: imatupa ngati ya mayi wa pakati, imapotokola, ndipo masiku ena ndimatsekula pamene masiku ena chimbudzi chimakana. Dokotala anandiyeza magazi ndi chimbudzi, sanapeze chilichonse, ndipo anati ndili ndi IBS, vuto la matumbo limene limapweteketsa mimba ndi kusokoneza chimbudzi popanda bala looneka. Anandilembera kuti ndikaonane ndi katswiri wa za kadyedwe, koma mzere wake ndi wautali. Nditatopa n'kudikira ndinapeza pa intaneti mndandanda wa zakudya za FODMAP, zimene zili ndi mitundu ya shuga imene imasasa m'matumbo, n'kuyamba kuzisala ndekha. Ndinasiya anyezi, adyo, nyemba, buledi, mkaka, uchi, mango ndi maapulo. Milungu itatu yoyambirira ndinapeza bwino kwambiri, moti ndinagona tulo tabwino koyamba patatha nthawi yaitali. Tsopano ndi miyezi isanu, ndikudya nsima, mpunga, nkhuku, mazira ndi masamba ochepa basi. Ndatsika ndi makilogalamu 6, ndimadzimbidwa, ndipo Lamlungu lapitali nditadya nyemba pa mwambo wina wa kutchalitchi ndinachezera usiku wonse. Funso langa ndi lakuti, kodi moyo wanga wonse udzakhala wotere?

Naphiri: Achemwali, ngati mwatsika ndi makilogalamu 6 m'miyezi isanu ndiye kuti kadyedweko kakugwira ntchito. Ine ndayesa njira zambiri zochepetsera thupi koma sikelo siikusuntha. Mndandandawo munganditumizireko?

Nangondo: A Naphiri, ndikupempheni kuti musautenge mndandandawo, chifukwa sunapangidwe kuti munthu achepetse thupi, ndipo kutsika kwa a Nachisale ndi chizindikiro chakuti china chake chalakwika. Ine ntchito yanga ndi ya za kadyedwe m'chipatala, ndipo odwala IBS ndimawaona mlungu uliwonse.

A Nachisale, yankho lalifupi ndi lakuti ayi, simuyenera kukhala chonchi. Kadyedwe kameneka kanachokera ku yunivesite ya Monash ku Melbourne, m'dziko la Australia, kumene a Peter Gibson ndi a Sue Shepherd analemba za FODMAP m'chaka cha 2005. Eni akewo amanena kuti gawo losala zakudya likhale la milungu 2 mpaka 6, ndipo kuno ku Britain ambiri a ife timapereka milungu 4 mpaka 6. Gawo limeneli ndi lofufuzira chabe. Timatontholetsa mimba kuti tione ngati zakudya zimenezi zilidi ndi mbali pa vuto lanu. Inu yankho munalipeza pa mlungu wachitatu pamene munapeza bwino, ndipo pamenepo munafunika kuyamba kubwezeretsa zakudyazo chimodzichimodzi. Mwakhala miyezi ina inayi mukuyankha funso lomwe linayankhidwa kale.

Nachisale: Zikomo mayi. Koma ndibwezeretsa bwanji zinthu zomwe zimandivulaza m'matumbo? Nyemba zija zandionetsa poyera kuti thupi langa silizifuna.

Nangondo: Poyamba tichotse mantha akuti zikukuvulazani. Zakudya zimenezi zili ndi mitundu ya shuga imene matumbo aang'ono saiyamwa bwino. Ina imakoka madzi kulowa m'matumbo, n'chifukwa chake munthu amatsekula. Ikafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya amene amakhala mmenemo amaidya ndipo imasasa n'kutulutsa mpweya, monga momwe thobwa limachitira likakhalitsa m'chigubu chotseka mpaka chigubucho n'kufufuma. Zimenezi zimachitika mwa munthu aliyense. Kusiyana kwake n'kwakuti mwa munthu wa IBS mitsempha ya m'matumbo imamva msanga, kotero kufufuma komwe wina sangakulabadire inu mumakumva ngati ululu weniweni. Ululuwo si wongopeka, koma palibe bala lomwe latsala m'matumbo mpweyawo ukatha.

Tsopano za nyemba za Lamlungu. Ndiuzeni, munadya zochuluka bwanji, ndipo m'mbalemo munalinso chiyani?

Nachisale: Zinali zipande ziwiri zodzadza, zokazingira anyezi ndi tomato monga mwa nthawi zonse. Panalinso kabichi, ndipo pambuyo pake ndinadya mandasi awiri ndi tiyi wamkaka, chifukwa ndinachita manyazi kukana.

Nangondo: Ndiye kuti simunayese nyemba. Munayesa nyemba, anyezi, tirigu wa m'mandasi ndi mkaka pa nthawi imodzi, zonse zambirimbiri, patatha miyezi isanu mimba isanazione. Pa zinayizi mwina chimodzi chokha ndi chimene chili ndi mlandu, koma inu mwamanga zonse.

Mjoni wa ku Benoni: Mundilole ndilowererepo, amayi. Ine ndikuona ngati nkhani yonseyi ikungozungulira, pamene vuto lenileni ndi guluteni. Kuno ku Joni buledi ndi chakudya cha m'mawa ndi masana, ndipo mimba yanga inkatupa tsiku lililonse. Ndinasiya buledi zaka ziwiri zapitazo, ndinabwerera ku phala ndi nsima, ndipo ndinachira popanda dokotala kapena mndandanda uliwonse. A Nachisale angosiya za tirigu zokha, zinazo azidya.

Nangondo: Achimwene, n'zoona kuti buledi amavutitsa anthu ambiri a IBS, ndipo n'zoonanso kuti ufa wa chimanga, mpunga ndi mbatatesi zilibe vuto pa nkhani ya FODMAP, kotero kubwerera ku nsima kunakuthandizanidi. Pamene ndikusiyana nanu ndi pa dzina la wolakwayo. Mu tirigu muli guluteni, amene ndi puloteni, komanso muli fulukitani, amene ali m'gulu la shuga wosasa uja ndipo amapezekanso mu anyezi ndi adyo. Mukasiya buledi mumasiya zonse ziwiri. Kafukufuku wina wa ku Oslo m'dziko la Norway, amene anatuluka mu 2018, anatenga anthu 59 amene ankakhulupirira kuti guluteni amawadwalitsa, n'kuwapatsa mosinthanasinthana guluteni, fulukitani ndi chakudya chopanda zonsezi, iwo osadziwa chimene akudya. Chimene chinawavutitsa kwambiri chinali fulukitani.

Koma pali chinthu china chimene chikundidetsa nkhawa pa nkhani yanu. Pali matenda a siliyaki, amene guluteni amawonongadi khungu la mkati mwa matumbo, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za IBS. Magazi ake amayezedwa munthu akudya tirigu. Amene anasiya kale, zotsatira zimatha kusonyeza kuti alibe pamene ali nawo, ndipo kuti ayezedwe bwino ayenera kudyanso za tirigu kangapo pa tsiku kwa milungu 6. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene timanenera kuti dokotala ayambe wayeza munthu asanasale chilichonse. A Nachisale anayezedwa asanayambe, koma inu simunayezedwe.

Mjoni wa ku Benoni: Ndamva, koma kuti ndidyenso buledi milungu 6 n'kumatupa mimba pofuna kungodziwa dzina la matenda, chimenecho sindingachite. Ndili bwino mmene ndililimu.

Namwino wopuma: Mwana wanga, dzina la matenda lili ndi ntchito yake. Ngati ndi siliyaki, ngakhale nyenyeswa za buledi pa mpeni zimawerengedwa, ndipo ana anu angafunike kuyezedwa. Ngati ndi fulukitani, kagawo kamodzi ka buledi mwina mungadye popanda vuto. Ganizirani bwino, koma mwini mimba ndinu.

Bambo a Tadala: Ine ndili ku Lilongwe, ndili ndi zaka 56, ndipo ndawerenga zonsezi ndi chidwi chifukwa zikufanana ndi zanga. Kuyambira mwezi wa Epulo ndimatsekula m'mimba pafupipafupi, nthawi zina mpaka kudzuka usiku, ndipo kangapo ndaona magazi m'chimbudzi. Mathalauza akundikulira. Ndikuganiza zoyamba kusala nyemba ndi anyezi mawa lomwe. Ndiyambe ndi milungu ingati?

Namwino wopuma: Bambo, musayambe n'komwe. Mawa mupite kuchipatala, ndipo mukanene zinthu zinayi monga mwazilembera pano: zaka zanu, magazi m'chimbudzi, kudzuka usiku ndi kutsekula, ndi kuwonda popanda chifukwa. IBS siitulutsa magazi, siiwondetsa munthu amene akudya bwinobwino, ndipo kawirikawiri siiyamba mwadzidzidzi pa msinkhu wanuwo. Kwathuko pali zambiri zofunika kuyeza: likodzo la m'matumbo, kamwazi, njoka za m'mimba, TB ya m'mimba, HIV, ndiponso khansa ya m'matumbo. Ngati mumamwa mankhwala a shuga a metifomini mukanenenso, chifukwa amatsekulitsa anthu ena. Choopsa n'chakuti mukasala nyemba ndi anyezi mpweya udzachepadi, inu n'kuganiza kuti mukuchira, miyezi n'kumapita.

Nangondo: Ndikugwirizana ndi mayi namwino pa mawu aliwonse. Ndipo a Nachisale, onani msampha umene inunso mwagweramo. Kuwonda ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene dokotala amayang'ana, ndipo tsopano n'kovuta kusiyanitsa ngati makilogalamu 6 aja apita chifukwa cha njala kapena chifukwa cha china. Ndikukhulupirira kuti ndi njala, poona zimene mukudya, koma mukamuuze dokotala wanu mlungu uno, ndipo mukamuuzenso kuti mwasala miyezi isanu. Zimenezi zingathandize kuti katswiri uja akuoneni msanga. Kudzimbidwako n'kosadabwitsa, chifukwa nyemba, zipatso ndi tirigu n'zimene zinkafewetsa chimbudzi, ndipo posiya mkaka popanda cholowa m'malo mwatayanso kashiamu. Palinso mabakiteriya abwino a bifidobakiteriya amene chakudya chawo ndi fulukitani ndi shuga wa mu nyemba yemweyo. Ofufuza a ku King's College London anaona kuti amachepa patangotha milungu 4 munthu akusala.

Nachisale: Ndapita kwa dokotala, wandiyezanso magazi, ndipo wati alembanso kalata yokumbutsa. Podikira, mungandifotokozere mmene kubwezeretsako kumayendera? Ndikufuna ndikafike ndikudziwa chimene ndikuvomera.

Nangondo: Mumapitiriza kudya monga mukudyeramu, n'kusankha chakudya chimodzi chimene chili ndi mtundu umodzi wokha wa FODMAP, ndipo mumachiyesa masiku atatu, muyezo ukukwera tsiku lililonse. Titenge mkaka, umene umayesa lakitozi, shuga wa mu mkaka. Tsiku loyamba mumamwa mamililita 60, lachiwiri 125, lachitatu kapu yathunthu ya 250. Madzulo aliwonse mumalemba m'kope ululu, kutupa ndi chimbudzi, n'kuzipatsa nambala kuyambira 0 mpaka 10. Kenako mumapuma masiku awiri kapena atatu, kapena mpaka mimba itakhazikika, musanayambe china. Ngati tsiku lachiwiri mwavutika kwambiri, simupitirira ku lachitatu, koma mumalemba kuti muyezo wa tsiku loyamba unadutsa, chifukwa chimenecho ndi chidziwitso chamtengo wapatali.

Kusankha chakudya choyesera n'kumene anthu ambiri amalakwitsa. Apulo sayenera, chifukwa muli mitundu iwiri ya FODMAP pamodzi, fulakitozi ndi sobitolo, ndipo akakuvutitsani simudziwa kuti ndi uti. Fulakitozi timamuyesa ndi uchi kapena mango, mtundu wina wotchedwa manitolo ndi bowa, shuga wa mu nyemba ndi nyemba zowiritsa zopanda anyezi. Fulukitani timamuyesa kangapo, buledi payekha, anyezi payekha, adyo payekha, chifukwa munthu amatha kulola buledi n'kukana adyo. Adyo timayamba ndi kota ya kambewu kamodzi, kenako theka, kenako kathunthu. Zonse pamodzi zimatenga milungu 6 mpaka 8, nthawi zina kuposa.

Pali malamulo awiri amene amaoneka achilendo. Loyamba n'lakuti ngakhale mkaka utadutsa, mumauikabe pambali kufikira mayeso onse atatha, kuti usasokoneze yotsatirawo. Lachiwiri n'lakuti musaloze chala chakudya chimene mwangomeza kumene. Chakudya chimatenga maola angapo kuti chifike m'matumbo aakulu, kotero mpweya wa madzulo ukhoza kuchokera ku nkhomaliro kapena ku mgonero wa dzulo. Ndipo kuphwisa pang'ono kapena kubangula kwa m'mimba sikulephera mayeso, chifukwa nyemba zimachita zimenezo mwa aliyense. Kulephera ndi ululu kapena kutsekula kumene kukusokonezani pa ntchito.

Naphiri: Ndabwerera ndi funso lenileni tsopano. Ndiwo zopanda anyezi zimadyeka bwanji kwa miyezi yonseyi? Bwanji osangokazingira anyezi ndi kumuchotsa m'mbale podya?

Nangondo: Funso limeneli ndi labwino kuposa loyamba lija. Fulukitani amasungunuka m'madzi, kotero anyezi akawira mu msuzi amasiya zonse mmenemo, ndipo kutola zidutswa m'mbale sikuthandiza. Koma m'mafuta sasungunuka. Mukhoza kukazinga adyo kapena anyezi wodula zidutswa zikuluzikulu m'mafuta okhaokha, n'kuzichotsa zonse musanathire tomato kapena madzi, ndipo fungo limatsala. Mafutawo muphikire pomwepo, musawasunge m'botolo ndi adyo, chifukwa mmenemo mumatha kumera mabakiteriya apoizoni. Masamba obiriwira a anyezi nawonso amaloledwa, ndipo nsinjiro zilibe vuto, kotero masamba otendera ndi njira yabwino yobwezera thupi mwa a Nachisale.

Mjoni wa ku Benoni: Zonse mwafotokozazi munthu angathe kuzichita yekha ndi kope ndi cholembera. A Monash ali ndi pulogalamu ya pa foni yosonyeza chakudya chilichonse ndi mtundu wobiriwira, wachikasu kapena wofiira. Kunena kuti pafunika katswiri n'kosavuta kwa inu a ku Britain. Nanga wa ku Ntcheu kapena ku Chipata akampeza kuti?

Nangondo: Pamenepa mwagunda pomwe pali povuta, ndipo sindinamizira kuti ndili ndi yankho lokwanira. Kuno ku Britain malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE amanena kuti kadyedwe kameneka kaperekedwe ndi munthu wa zaumoyo amene anaphunzira za kadyedwe, ndipo kabwere pambuyo poyesa zosavuta: kudya pa nthawi yake osadumphitsa, kuchepetsa khofi, mowa ndi zakumwa za gasi. Pulogalamu ya Monash ndi yabwino ndipo ndimaigwiritsa ntchito, koma imangokuuzani zimene zili m'chakudya. Siingakuuzeni kuti lekani tsopano, siingaone kuti mwawonda, ndipo siingazindikire kuti mwayamba kuopa mbale iliyonse. Munthu amene anavutikapo ndi matenda okana chakudya, mayi woyembekezera, mwana, kapena wowonda kale, sitimuika pa kusala kwathunthu popanda kulingalira mozama.

Kwathu akatswiri ndi ochepa, ndipo pali vuto lina. Nyemba, nandolo, khobwe ndi soya ndiye ndiwo zomanga thupi za mabanja ambiri, ndipo kuuza munthu kuti azisale pamene alibe ndalama ya nsomba kapena mazira n'kumulanda chakudya. Zakudya monga masuku ndi chisoso simukazipezanso m'mindandandayo. Kumeneko ndingasankhe njira yofatsa, imene a Monash enieniwo amaivomereza: dokotala atatsimikiza kuti ndi IBS, munthu achepetse zinthu zochepa zokha zimene amadya kwambiri, mwina anyezi, buledi ndi mkaka, kwa milungu 4, ndipo tsiku lobwezeretsa alilembe pa kalendala asanayambe.

Namwino wopuma: Ine ndikukayikabe ngakhale njira yofatsayo. Ndaona anthu ambiri akumva theka la malangizo, gawo losala n'kuligwira, gawo lobwezeretsa n'kuliiwala, chifukwa munthu amene wapeza mpumulo safuna kuputanso ululu. A Nachisale ndi munthu wophunzira, wogwira ntchito ya zaumoyo, koma anakhala miyezi isanu.

Bambo a Tadala: Ndinapita kuchipatala monga munanenera. Atenga chimbudzi ndi magazi, ati magazi anga ndi ochepa, ndipo andilembera tsiku lokaunika m'matumbo ndi kamera. Nyemba ndikudyabe.

Nachisale: Ndabwera kudzapereka lipoti patatha milungu 9, ndipo kope lili pambali panga. Katswiri ndinaonana naye kawiri, kamodzi pa foni. Anayamba wandiwonjezera chakudya, nthochi zosapsetsa, malalanje, nanazi, phala la otsi ndi mtedza, ndipo chimbudzi chinayamba kuyenda tisanayese chilichonse.

Mkaka unadutsa masiku onse atatu, ululu sunapitirire 2. Ndinakhala pansi m'khitchini n'kuseka ndekha, poganiza za miyezi yonse imene ndinamwa tiyi wakuda popanda chifukwa. Uchi unadutsa, bowa anadutsa, buledi magawo awiri anadutsa ngakhale kuti mimba inafufuma pang'ono. Nyemba zowiritsa zopanda kanthu, masupuni aakulu awiri zinadutsa, anayi ndinamva mpweya wopirika, koma theka la kapu linandipweteka mpaka 6. Katswiriyo anati ndiyesenso za m'chitini zotsukuluza bwino, popeza shuga wake wina amatsalira m'madzi a m'chitinimo, ndipo zimenezo zinandilola zochulukirapo.

Anyezi ndiye anapezeka wolakwa. Supuni imodzi ya anyezi wokazinga tsiku loyamba inandipatsa 4, ndipo tsiku lachiwiri nditawonjezera ndinafika pa 8, moti sindinapitirize. Ndinapuma masiku anayi mimba isanakhazikike. Mayeso a adyo ndinawawononga ndekha, chifukwa ndinawayamba mlungu umene ndinali kumwezi komanso ndikugwira usiku masiku anayi otsatizana, ndipo mimba imandivuta nthawi zoterezo ngakhale nditadya mpunga wokha. Katswiriyo anati zotsatirazo tizitaye. Ndabwezera makilogalamu awiri.

Nangondo: Mwachita bwino, ndipo taonani kuti pa zinthu zinayi za Lamlungu lija, mkaka ndi tirigu zinalibe mlandu, nyemba zinangochuluka, anyezi ndiye anali mwini nkhani. Chenjerani ndi chinthu chimodzi pamene mukubwezeretsa zonse: zimene zinadutsa pachokhapachokha zimatha kuunjikana zikakumana m'mbale imodzi, makamaka buledi ndi nyemba. Anyezi musamutsanzike mpaka kalekale, chifukwa kulola kwa mimba kumasintha. Mudzamuyesenso pakatha miyezi itatu, kuyambira pa theka la supuni.

Mjoni wa ku Benoni: Buledi wadutsa kwa inu, koma kwa ine sindinasinthe maganizo. Komabe ndaona kuti masiku amene timaphika nyama ndi anyezi wambiri mimba imatupabe, ngakhale kuti tirigu sindinamulawe zaka ziwiri. Mayi Nangondo, kodi ndingayese anyezi payekha ndisanasale zina zonsezo, kapena zotsatira zake sizingatanthauze kanthu?

Nachisale: Podikira kuti mayi ayankhe, ine ndiyambanso adyo Lolemba likubwerali, popeza mlungu umenewo ndikugwira masana. Kota ya kambewu kamodzi ndi kakang'ono kwambiri moti ndinachita kufunsa kawiri ngati ndamva bwino.